Makina a K25 Miliyoni: Pakeshi Kapena Pang'onopang'ono?

Wogulitsa makina oyengera mafuta a mpendadzuwa akafunsidwa mtengo, kawirikawiri amatchula iwiri. Woyamba ndi wa munthu amene wabwera ndi ndalama zonse m'manja. Wachiwiri ndi wa amene akufuna kupereka dipoziti, kunyamula makinawo lero lomwe, n'kumalipira zotsala mwezi ndi mwezi, njira imene amalonda amaitcha hayapachesi. Makina ndi omwewo, phokoso lake ndi lomwelo, mafuta otuluka ndi omwewo. Koma m'mabuku a kampani ndi pa fomu ya msonkho, njira ziwirizi zimasiya mapazi osiyana, ndipo eni mabizinesi ambiri amazindikira zimenezi akawuntanti kapena a MRA atawafunsa kale mafunso ovuta.

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza. Makampani awiri aang'ono a ku Mchinji agula makina atsopano ofanana, a K25 miliyoni. Yoyamba yalipira zonse kudzera ku banki tsiku limodzi. Yachiwiri yapereka dipoziti ya K7 miliyoni, ndipo K18 miliyoni yotsalayo ilipira m'miyezi 24, mwezi uliwonse K1,050,000. Pomaliza idzakhala itatulutsa K32.2 miliyoni. Kusiyana kwa K7.2 miliyoni ndi chiwongoladzanja, ngakhale pa pepala la mgwirizano chitalembedwa ndi dzina lina lofewerapo.

Poyamba pafunika kudziwa mwini makinawo. Kampani yoyamba ndi mwini kuyambira tsiku logula. Yachiwiri, pamaso pa lamulo, ikungobwereka. Umwini umakhalabe kwa wogulitsa kapena kampani yobwereketsa ndalama kufikira kobiri lomaliza litalipidwa. Njirayi ndi yakale. Kampani ya Singer, yomwe makina ake osokera akadalirabe m'makhonde a masitolo m'Malawi muno, inayamba kugulitsa makina mwa kulipira pang'onopang'ono mu 1856 ku Amerika. Ku Britain nkhani ya umwini inagamulidwa mu 1895 pa mlandu wa piyano. Wamalonda wina dzina lake Helby anapereka piyano kwa munthu woti azilipira mwezi ndi mwezi. Munthuyo asanamalize, anakaipereka ngati chikole kwa wobwereketsa ndalama, Matthews. Khoti lalikulu kwambiri la dzikolo linagamula kuti piyanoyo ibwerere kwa Helby, popeza wobwerekayo analibe umwini woti n'kupatsira wina. Malawi ali ndi lamulo lakelake la hayapachesi, koma tsinde lake ndi lomweli: katundu amene sanathe kulipiridwa sagulitsidwa, sapinyolitsidwa.

Apa ndi pamene ambiri amasokonekera. Poti lamulo likuti makinawo ndi a wina, amaganiza kuti sayenera kuoneka m'mabuku awo, ndipo K1,050,000 ya mwezi uliwonse amailemba ngati lendi. Akawuntanti saona choncho. Iye amafunsa amene akudya phindu la makinawo, amene akulipira inshuwalansi, amene adzalire makinawo akapsa. Yankho ndi kampani yachiwiri ija. Malamulo a kalembedwe ka mabuku, kaya IFRS 16 amene anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2019, kaya malamulo ofupikitsidwa a makampani aang'ono, amafika pamalo amodzi: makinawo alembedwe ngati katundu wa kampani, ndipo ngongole yake ilembedwe pambali pake.

M'mabuku chilichonse chimalembedwa kawiri, kumanzere komwe ndi debiti ndi kumanja komwe ndi kirediti, ndipo mbali ziwirizi ziyenera kufanana. Kwa kampani yogula pakeshi nkhani ndi yaifupi. Akawunti ya makina ilandira debiti ya K25 miliyoni, akawunti ya banki kirediti ya K25 miliyoni, basi. Phindu la chakacho silinakhudzidwe tsiku limenelo, chifukwa ndalama zangosanduka chitsulo. Ndalama zonyamulira makinawo kuchokera ku Lilongwe, zowaka pokhala pake ndi zolipira amisiri owamanga zimaphatikizidwa pa mtengo wa makina, pa njira zonse ziwiri, koma m'chitsanzochi zasiyidwa kuti masamu asachuluke.

Kampani yachiwiri nayo ilemba debiti ya K25 miliyoni pa makina. Sizilembedwa K32.2 miliyoni ayi, chifukwa makina sakwera mtengo kaamba koti wogula analibe ndalama zokwanira. Kumanja kukhala zinthu ziwiri: kirediti ya K7 miliyoni pa banki, yomwe ndi dipoziti, ndi kirediti ya K18 miliyoni pa akawunti ya ngongole ya hayapachesi. Tsiku loyambalo, munthu woyang'ana mzere wa makina okha sangasiyanitse makampani awiriwa.

Ntchito yeniyeni imayamba pakutha kwa mwezi woyamba. K1,050,000 ija ili ndi zinthu ziwiri mkati mwake, gawo lobweza ngongole ndi gawo la chiwongoladzanja, ndipo ziyenera kulekanitsidwa. Chapafupi n'kugawa K7.2 miliyoni ndi miyezi 24, n'kupeza K300,000 mwezi uliwonse. Kugawa kotereku n'kosavuta koma sikunena zoona, chifukwa chiwongoladzanja chimabadwa pa ngongole imene yatsala, ndipo ngongoleyo imachepa mwezi ndi mwezi.

Wogulitsa anganene kuti chiwongoladzanja chake ndi 20 peresenti pachaka, ndipo sananame kwenikweni: 20 peresenti ya K18 miliyoni ndi K3.6 miliyoni, zaka ziwiri K7.2 miliyoni. Chomwe sananene n'chakuti akuwerengera pa K18 miliyoni yonse mpaka mwezi womaliza, pomwe wogula wabweza kale pafupifupi zonse. Ukawerengera pa ngongole yotsala, mlingo weniweni ndi pafupifupi 2.9 peresenti pamwezi, kutanthauza pafupifupi 35 peresenti pachaka. Nambala imeneyi, osati 20 ija, ndiyo yoyenera kuyerekeza ndi chiwongoladzanja cha ngongole ya kubanki. Ambiri amene amakana ngongole ya banki ponena kuti ndi yokwera amasainira hayapachesi yokwera kuposa pamenepo, akumwetulira.

Choncho mwezi woyamba chiwongoladzanja ndi pafupifupi K520,000, ndipo K530,000 yokha ndi imene ichepetsa ngongole. Polemba, banki ilandira kirediti ya K1,050,000, akawunti ya chiwongoladzanja debiti ya K520,000, akawunti ya ngongole debiti ya K530,000. Mwezi wachiwiri ngongole yatsala K17,470,000, motero chiwongoladzanja chitsika pang'ono ndipo gawo lobweza ngongole likwera pang'ono. Zipitirira choncho. Pakutha chaka choyamba kampani yalipira K12.6 miliyoni m'miyezi 12, koma pafupifupi K5.1 miliyoni yapita ku chiwongoladzanja, ndipo ngongole ikadali pafupifupi K10.5 miliyoni. Theka la nthawi ladutsa, theka la ngongole silinathe. Chaka chachiwiri chiwongoladzanja ndi pafupifupi K2.1 miliyoni yokha. Wobwereketsa wolongosoka amapereka ndandanda yosonyeza magawowa mwezi uliwonse, ndipo wogula ayenera kuipempha asanasaine. Akawuntanti ena amakonda kulemba ngongole yonse ya K25.2 miliyoni tsiku loyamba, n'kusunga K7.2 miliyoni mu akawunti yodikirira yomwe amatapamo mwezi ndi mwezi. Zotsatira zake n'zofanana.

Chotsala ndi kutha kwa makina. Ngati akuyembekezeka kugwira ntchito zaka 10, makampani onse awiri achotsa K2.5 miliyoni pa phindu chaka chilichonse, yomwe akawuntanti amaitcha dipulisiyeshoni, ndipo mtengo wa makina m'mabuku utsika kufika pa K22.5 miliyoni pakutha chaka choyamba. Zaka zowerengera ndi za moyo wa makina, osati ziwiri za mgwirizano, popeza kampani yachiwiri idzakhala nawo ikamaliza kulipira. Motero kusiyana kwa phindu la makampani awiriwa kuli pa mzere umodzi wokha, wa chiwongoladzanja.

Msonkho uli ndi masamu akeake. A MRA salandira dipulisiyeshoni, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mwini kampani akanaloledwa kudzisankhira yekha zaka, aliyense akanati makina ake atha m'chaka chimodzi. Powerengera msonkho, K2.5 miliyoni ija imabwezeredwa pa phindu, ndipo m'malo mwake lamulo la misonkho limapereka maalawansi a katundu pa milingo yoikika. Pali alawansi ya chaka chogulira, pali ya chaka ndi chaka yomwe imawerengedwa pa mtengo wotsala, ndipo milingo imasiyana: kompyuta imatha msanga kuposa nyumba ya fakitale. Opanga zinthu m'mafakitale ali ndi mwayi wapadera. Makina atsopano, osagwirapo ntchito, amapatsidwa alawansi ya 100 peresenti m'chaka choyamba, pomwe ogwirapo kale ntchito amapatsidwa 40 peresenti. Milingo ya misonkho imasintha ndi bajeti ya boma, choncho ya chaka chogulira ndiyo yofunika kuitsimikiza.

Kampani yogula pakeshi, poti ikuyenga mafuta ndi makina atsopano, ichotsa K25 miliyoni yonse pa phindu lokhomeredwa msonkho. Msonkho wa kampani wamba yolembetsedwa m'dziko muno ndi 30 peresenti, motero msonkho wake utsika ndi K7.5 miliyoni. Ndipo nkhani yake yathera pomwepo.

Nanga yachiwiri, yomwe si mwini pamaso pa lamulo? Pa hayapachesi yeniyeni, yomwe mapeto ake ndi umwini, msonkho umagawa malipiro monga momwe mabuku achitira. Alawansi imawerengedwa pa mtengo wa pakeshi, ndipo chiwongoladzanja chimachotsedwa padera ngati ndalama yoyendetsera bizinesi, chaka chimene chabadwa. Ku Britain mfundoyi inalembedwa mosabisa m'gawo 67 la lamulo la maalawansi la 2001: wogula pa hayapachesi amatengedwa ngati mwini, ndipo makina akangoyamba kugwira ntchito, mtengo wonse umatengedwa ngati walipidwa, ngakhale miyezi yambiri ikadali kutsogolo. Amalawi amene ali ndi timakampani kumeneko, monga tonyamula katundu pa mavani, amakumana ndi lamulo limeneli.

Potsatira mfundoyi, kampani yachiwiri ya ku Mchinji ichotsa K25 miliyoni ya alawansi ndi K5.1 miliyoni ya chiwongoladzanja m'chaka choyamba, zonse pamodzi K30.1 miliyoni, pomwe ndalama zimene zatuluka m'thumba mwake ndi K19.6 miliyoni zokha. Apa ndiye pali kukoma kwa hayapachesi: kampani ikupeputsidwa msonkho pa ndalama imene sinalipire. Chaka chachiwiri zinthu zitembenuka. Idzatulutsa K12.6 miliyoni koma yochotsa pa msonkho idzakhala K2.1 miliyoni yokha, ndipo mwini kampani amene sanakonzekere adzadabwa kuona msonkho utalumpha pomwe ngongole ikumudyabe.

Kuti zioneke bwino, phindu la m'mabuku la kampani yachiwiri likhale K40 miliyoni chaka choyamba, dipulisiyeshoni ndi chiwongoladzanja zitachotsedwa kale. Akawuntanti abwezera K2.5 miliyoni, zikhala K42.5 miliyoni. Achotsa alawansi ya K25 miliyoni, zitsala K17.5 miliyoni. Msonkho wake ndi K5.25 miliyoni. Chiwongoladzanja sachikhudzanso, chifukwa chinachotsedwa kale m'mabuku.

Pali mawu amene ogulitsa ena amakonda, oti chiwongoladzanja chisadetse nkhawa poti chimachotsedwa pa msonkho. N'zoona kuti chimachotsedwa, koma boma limangosenza 30 peresenti yake. Pa K7.2 miliyoni, msonkho utsika ndi K2.16 miliyoni, ndipo K5.04 miliyoni yotsalayo ndi ya kampani yokha. Zonse zikaphatikizidwa, makina a kampani yoyamba aidya K17.5 miliyoni msonkho utachotsedwa, a yachiwiri K22.54 miliyoni. Palibe luso la kalembedwe limene lingafafanize kusiyana kumeneku.

Ndipo mpumulo wonsewu umafuna phindu. Kampani imene yapeza K8 miliyoni yokha singadye alawansi ya K25 miliyoni chaka chimodzi. Yotsalayo imasanduka kuluza kwa pa msonkho komwe kumasungidwira zaka zakutsogolo, ndipo m'Malawi malire ake ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Wabizinesi wamng'ono amene amalipira msonkho wongoyerekeza, wosawerengera phindu, alibe poti n'kuchotsera alawansi kapena chiwongoladzanja. Kwa iye mtengo wa hayapachesi ndi K32.2 miliyoni yathunthu.

Cholakwika chofala kwambiri chimabadwa pamene anthu awiri agwira mabuku amodzi osakambirana. Kalaliki wa mu ofesi amalemba K1,050,000 ya mwezi uliwonse ngati lendi ya makina. Pakutha chaka, wokonza fomu ya msonkho aona invoisi ya makina n'kupemphanso alawansi ya K25 miliyoni. M'zaka ziwiri kampani yachotsa K25.2 miliyoni ya malipiro ndi K25 miliyoni ya alawansi, zonse K50.2 miliyoni, pa makina amene yalipira K32.2 miliyoni. K18 miliyoni yachotsedwa kawiri, ndipo msonkho wake, K5.4 miliyoni, a MRA akadzaunika mabuku adzaufuna pamodzi ndi chindapusa. Kuzindikira vutoli sikufuna sukulu yapamwamba. Ngati makina akuoneka pa mndandanda wa katundu koma ngongole yake palibe, pali cholakwika. Ngati ngongole ilipo koma sikutsika mwezi ndi mwezi, malipiro akulembedwa kolakwika. Ndipo pakutha chaka, ngongole ya m'mabuku iyenera kufanana ndi ya pa sitetimenti ya wobwereketsa, yomwe m'chitsanzochi ndi pafupifupi K10.5 miliyoni.

Cholakwika china n'kuwerengera alawansi pa K32.2 miliyoni, ngati kuti chiwongoladzanja ndi gawo la chitsulo. Chinanso ndi cha nthawi: alawansi ndi ya makina amene akugwira ntchito ya bizinesi, kotero makina amene chaka cha mabuku chatha akadali m'bokosi, kudikira magetsi, sayenera kuthamangiridwa pa fomu.

Dzina la mgwirizano nalonso limanyenga. Pali mgwirizano wobwereka chabe, womwe amati lizi, umene pamapeto pake makina amabwerera kwa mwini wake. M'mabuku ungafanane ndi hayapachesi, koma pa msonkho alawansi ikhoza kukhala ya wobwereketsa, wobwereka n'kumangochotsa lendi. Ndime yofunika kuifufuza ndi yonena za tsiku lomaliza: kodi umwini ukusamuka, ndipo pa ndalama zingati? Ya VAT ndi nkhani yaifupi pa njira zonse ziwiri. Kampani yolembetsa VAT, yogulitsa zinthu zokhomeredwa VAT, imaitenganso ngati ili ndi invoisi yovomerezeka, choncho siilemba pa mtengo wa makina. Imene singaitengenso imaiphatikiza pa mtengowo.

Zinthu zikavuta, kusiyana kwa njira ziwirizi kumaoneka poyera. Mpendadzuwa ukasowa, kampani yoyamba ikhoza kuimitsa makina n'kudikira, kapena kuwagulitsa. Yachiwiri ikalephera kulipira pakutha miyezi 12, mwini wake akhoza kuwatenga motsatira mgwirizano ndi lamulo. M'mabuku muchoka katundu wa K22.5 miliyoni ndi ngongole ya K10.5 miliyoni, ndipo ngati wobwereketsa sabweza kanthu atagulitsa makinawo, K12 miliyoni ilembedwa ngati yotayika. Alawansi yomwe inadyedwa yonse chaka choyamba nayo imaunikidwanso makina akachoka m'manja mwa kampani, ndipo gawo lake likhoza kubwerera ngati ndalama yokhomeredwa msonkho. Uku ndiye kugwa mu mtengo n'kulumidwanso ndi njoka pansi.

Komabe hayapachesi si msampha wa opusa. Bizinesi yoyenga mafuta imadalira kugula mpendadzuwa wambiri nthawi yokolola, mtengo ukadali pansi. Kampani imene yathira ndalama zake zonse m'makina ikhoza kukhala ndi chitsulo chonyezimira chopanda choti chigaye, n'kumagula mbewu kwa mavenda pa mtengo wokwera mu Novembala. Yachiwiri yasunga K18 miliyoni pa tsiku logula. Ndalamayo siikhala nayo zaka ziwiri zathunthu, poti ikubwezedwa mwezi ndi mwezi, koma pa nyengo yoyamba yokolola yambiri imakhala ilipo. Kugwa kwa ndalama nakonso kumalowererapo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makina ochokera kunja anakwera mtengo nthawi yomweyo, ndipo amene anali atasainira kale malipiro osasintha a m'makwacha anapitiriza kulipira mtengo wakale. Mwayi umenewu sufikira amene mgwirizano wake unamangiriridwa ku dola kapena ku chiwongoladzanja choyandama.

Choncho msonkho suyenera kukhala wogamula pa nkhaniyi. Alawansi ya makina ndi yofanana pa njira zonse ziwiri, ndipo chowonjezera cha hayapachesi ndi kuchotsa chiwongoladzanja chimene kampani yalipiradi. Ngati ndalama yosungidwayo ingathe kubala zoposa pafupifupi 35 peresenti pachaka ikalowa mu mpendadzuwa, hayapachesi yapambana. Ngati ndalamayo ingogona ku banki, kampani ilipire pakeshi n'kupulumutsa K5.04 miliyoni.